Mmene mungasankhire tensi yoyenera podzaza mipata m'ziganizo za Chingerezi

Anthu amene akukonzekera mayeso a Chingerezi amandifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: "Ndinaloweza mawu onse osonyeza nthawi, nanga n'chifukwa chiyani ndikulakwabe mafunso odzaza mipata?" Ndaliyankha pakamwa kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti wofunsa aliyense aziwerenga yekha modekha.

Mndandanda umene ambiri analoweza ndi uja wakuti *yesterday* amafuna mneni wa kale, *now* amafuna mneni wothera ndi *-ing*, *since* ndi *for* amafuna *have* kapena *has*, ndipo *tomorrow* amafuna *will*. Mndandandawu si wabodza, koma umangothandiza pa mafunso osavuta. Wokonza mayeso amaudziwa bwino kuposa inu, ndipo mafunso ovuta amawalemba dala kuti munthu wodalira mndandanda wokha akodwe. Mawu osonyeza nthawi amakulozerani kumene muyenera kuyang'ana, koma ntchito yosankha imatsala kwa inu, ndipo ntchito imeneyo ndi imene ndifotokoze pano.

Tiyambe tagwirizana pa mawu ochepa. Ndikanena kuti tensi, ndikutanthauza maonekedwe a mneni osonyeza nthawi imene chinthu chikuchitika. Mwininkhani ndi munthu kapena chinthu chimene chikuchita zimene mneni akunena. Aneni a Chingerezi ali ndi maonekedwe atatu amene mumawaona m'mizere itatu kumapeto kwa mabuku a galamala, monga *go, went, gone* kapena *write, wrote, written*. Ndiziwatchula kuti maonekedwe oyamba, achiwiri ndi achitatu. Maonekedwe achiwiri akaima okha, monga *she went*, ndiyo tensi imene aphunzitsi amaitcha pasiti simpo. Maonekedwe achitatu akatsogozedwa ndi *have* kapena *has*, monga *she has gone*, ndiyo pulezenti pefekiti, ndipo akatsogozedwa ndi *had* ndiyo pasiti pefekiti. M'zitsanzo zambiri, mneni woti mumuike pampata ndamulemba kumapeto kwa chiganizo, pambuyo pa kamzere kopendekera.

1. Werengani chiganizo chonse musanagwire cholembera

Ambiri amaima pampata n'kuyamba kuganiza yankho pomwepo. Koma m'Chingerezi mawu osonyeza nthawi amakonda kukhala kumapeto kwa chiganizo, kutanthauza kuti mukaima pampata mwaima musanafike pamene pali yankho.

*The committee ______ the new rules two weeks ago. / approve*

Munthu amene waima pampata akhoza kulemba *has approved*, ndipo mpaka pamenepo chiganizo chikumveka bwino. Mawu atatu omaliza ndi amene akukana yankho limenelo, pakuti *ago* amafuna *approved*. Ngati mwapatsidwa ndime yathunthu yokhala ndi mipata ingapo, werengani ndime yonse kamodzi musanadzaze mpata ngakhale umodzi.

2. Lembani mzere kunsi kwa zizindikiro, ndipo dziwani kuti zilipo za mitundu iwiri

Mtundu woyamba ndi umene aliyense amaudziwa: mawu otchula nthawi monga *last year*, *in 2010*, *every morning*, *at the moment*, *so far*, *next week*. Mtundu wachiwiri ndi umene ambiri sauona n'komwe, ndiwo aneni ena amene alembedwa kale m'chiganizomo. Nthawi zambiri wokonza funso sachotsa aneni onse. Amene wamusiya wodzaza kale ndi umboni wa nthawi imene nkhani yonse ikuchitikira.

*He opened the door, ______ his bag on the floor and sat down. / drop*

Muno mulibe *yesterday* kapena *last night*. Koma *opened* ndi *sat* onse ali m'maonekedwe achiwiri, ndipo zinthu zitatuzi zinachitika motsatizana, choncho wapakatiyo ndi *dropped*. Mukasowa mawu otchula nthawi musathamangire kuganiza kuti funso lalakwika. Funani mneni wina, ndipo akasowa m'chiganizo chimenecho, yang'anani chiganizo cham'mbuyo ndi chakutsogolo.

3. Dzifunseni: nthawi imene yatchulidwayi inatha, kapena ikupitirirabe?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amadumpha. Mukapeza chizindikiro, musafunse kuti "mawu awa amayenda ndi tensi iti?" Funsani kuti "nthawi imene mawuwa akunena inatha kale, kapena wolankhulayu akadali mkati mwake?" Ganizani za nthawi ngati chipinda. *Last week* ndi chipinda chimene wolankhula anatulukamo n'kutseka chitseko. *This week* ndi chipinda chimene akadalimo. Nthawi yotsekedwa imatenga pasiti simpo. Nthawi imene inayamba kale koma ikufika mpaka pano imatenga pulezenti pefekiti.

*We ______ three tests last week. / write*

*We ______ three tests so far this week. / write*

Choyamba ndi *wrote*, chifukwa sabata yatha inapita ndipo simungawonjezeremo mayeso ena. Chachiwiri ndi *have written*, chifukwa sabata ino sinathe, ndipo *so far* akusonyeza kuti chiwerengerocho chikhoza kukwera.

Tsopano tione *for*, amene amagwetsa anthu ambiri kuposa mawu ena onse pamndandanda uja. *For* amangotchula kutalika kwa nthawi, monga zaka zisanu kapena maola awiri. Sanena chilichonse chokhudza ngati nthawiyo inatha kapena ayi. Onani ziganizo zitatu izi, zonse zili ndi *for ten years*:

*She ______ here for ten years and she still loves the place. / live*

*She ______ there for ten years and then moved abroad. / live*

*She ______ there for ten years when the war started. / live*

M'chiganizo choyamba, *still loves* ndi *here* akutiuza kuti mayiyu akukhalabe pamalopo, choncho yankho ndi *has lived*, ndipo *has been living* ndi lolondolanso. M'chachiwiri, *then moved* akutiuza kuti zaka khumizo zinatha ndipo mayiyu anasamuka, choncho ndi *lived*. M'chachitatu, zaka khumizo tikuziwerenga kubwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lina lakale, tsiku limene nkhondo inayamba, choncho ndi *had lived* kapena *had been living*. Munthu amene analoweza kuti *for* amafuna *has* akhoza funso limodzi mwa atatuwa. M'ziganizo zonse zitatu, yankho labisala m'mbali inayo ya chiganizo, imene mulibe mpata.

*Since* ndi wodalirika kuposa *for*, chifukwa amatchula poyambira pa nthawi imene ikufika mpaka pano. Koma ali ndi msampha wake. Chiganizo cha *since* chimatha kukhala ndi aneni awiri, ndipo awiriwo satenga tensi imodzi.

*I ______ him since he ______ school. / not see, leave*

Mneni wobwera pambuyo pa *since* akutchula chinthu chimene chinachitika kamodzi n'kutha, chimene chili poyambira: *left*. Mneni winayo akunena za nthawi yonse yochokera pamenepo kufika lero: *have not seen*. Ambiri amaona *since* n'kuika *have* ndi *has* m'mipata yonse iwiri. Funsani kaye kuti mpata uli mbali iti ya *since*. Dziwaninso kuti nthawi zina *since* amatanthauza "popeza", monga mu *Since it is late, we should go*, ndipo pamenepo sakunena za nthawi ayi.

Pali chifukwa chimene ife olankhula Chichewa timapunthwira pamalo ano kuposa pena paliponse, ndipo ndi bwino kuchidziwa. M'Chichewa timanena bwinobwino kuti "Ndikudikira kuyambira m'mawa", ndi kaphatikizo kaja ka -ku- kosonyeza zimene zikuchitika tsopano. Mutu ukamasulira zimenezi mawu ndi mawu umatulutsa *I am waiting since morning*, chimene m'Chingerezi cha mayeso n'cholakwika. Chinthu chimene chinayamba kale ndipo chikuchitikabe chimafuna *I have been waiting since morning*. Mukaona *since* kapena *for* ndipo dzanja likufuna kulemba *am*, *is* kapena *are*, liimitseni.

Palinso mbali ina ya vuto lomweli. Timanena kuti "Wafika lero cha m'ma 7 koloko", ndipo "wafika" amamveka ngati *has arrived*. Koma Chingerezi sichilola pulezenti pefekiti kuyenda ndi nthawi yeniyeni yotchulidwa imene inadutsa, ngakhale itakhala ya lero lomwe. *At seven o'clock*, *an hour ago*, *five minutes ago*: zonsezi zinatha, choncho ndi *arrived*. Kuyandikira kwa nthawi sikusintha kanthu. Mphindi zisanu zapitazo n'zotsekedwa mofanana ndi chaka cha 1990.

Mawu monga *today* ndi *this morning* ali pakatikati, ndipo amafuna kuti mudziwe pamene wolankhula waima. Ngati ukadali m'mawa, *I have answered ten letters this morning* n'cholondola. Ngati akulankhula madzulo, m'mawa unatha, ndipo anganene kuti *I answered ten letters this morning*. Funso labwino la mayeso limakupatsani chokuthandizani kudziwa, monga *It is only nine o'clock and...* kapena *...but I did nothing in the afternoon*.

Nthawi zina chimene chimatseka nthawi si mawu a nthawi, koma mwininkhani. William Shakespeare anamwalira mu 1616, choncho chiganizo chonena za masewero amene analemba chimatenga *wrote*, osati *has written*, ngakhale mulibe chaka m'chiganizomo. Moyo wa munthu nawonso ndi nthawi, ndipo wake unatha. Wolemba mabuku amene ali moyo ndipo akulembabe tingamunenere kuti *has written five novels*, pakuti lachisanu ndi chimodzi likhoza kubwera. N'chimodzimodzi ndi *never*. *I have never flown* akunena za moyo wanga mpaka lero. *My late grandfather never flew* akunena za moyo umene unatha, ndipo chizindikiro chake ndi kamawu kakuti *late*, kotanthauza malemu.

Chimodzi choti mudziwe pa *just*, *already* ndi *yet*: m'Chingerezi cha ku Britain mawuwa amayenda kwambiri ndi pulezenti pefekiti, monga *She has just left*, pamene ku America mumamvanso *She just left*. Pa mayeso olemba, ngati palibe chizindikiro china chotsutsa, pulezenti pefekiti ndiye yankho losakayikitsa.

4. Ngati pali zochitika ziwiri zakale, pezani mmene zikukhudzirana

Chiganizo chokhala ndi *when*, *while*, *before*, *after* kapena *by the time* chimakhala ndi zochitika ziwiri. Zonse zikhoza kukhala zakale, koma kudziwa zimenezo sikokwanira. Muyenera kudziwa ngati china chinali mkati pamene chinzake chinachitika, kapena chinali chitatha kale, kapena chinabwera pambuyo. Onani mmene chiganizo chimodzi chimasinthira tanthauzo:

*When the teacher came in, the students were singing.*

*When the teacher came in, the students had sung.*

*When the teacher came in, the students sang.*

M'choyamba, mphunzitsi anawapeza ali mkati moimba. M'chachiwiri, anapeza atamaliza kale. M'chachitatu, anayamba kuimba iye atalowa. Zonse zitatu n'zolondola pa galamala, ndiye chifukwa chake *when* payekha sangakupatseni yankho. Funani kamawu kena kamene kakusankhirani. *Already* akuloza ku *had*. *Still* akuloza ku *was* kapena *were* ndi *-ing*. *Immediately* ndi *at once* akuloza ku pasiti simpo. Pakasowa kamawu koteroko, nzeru wamba zimathandiza:

*I ______ a bath when the phone rang. / have*

Kusamba kumatenga nthawi, kulira kwa foni n'kwadzidzidzi. Chachitali ndi chimene chinali mkati, chachifupi n'kuchidukiza, choncho yankho ndi *was having*. *While* nthawi zambiri amatsogolera chachitalicho: *While I was having a bath, the phone rang*.

*By the time* ndi womveka kwambiri. Amanena kuti pofika nthawi yakutiyakuti, china chinali chitachitika kale. Yang'anani mneni amene wabwera pambuyo pake. Akakhala wa kale, monga *By the time we arrived*, mpata umafuna *had* ndi maonekedwe achitatu: *the film had started*. Akakhala wa tsopano, monga *By the time we arrive*, nkhani ndi ya m'tsogolo, ndipo mpata umafuna *will have*: *the film will have started*. Kusiyana konseko kwagona pa lemba limodzi, *d* wa kumapeto kwa *arrived*, choncho werengani mneniyo mosamala.

Chenjezo limodzi: *had* satanthauza kuti chinthu chinachitika kalekale. Ophunzira ena amamuika paliponse pamene nkhani ikuoneka yakale kwambiri. Pa chiganizo chakuti *The Second World War ______ in 1945 / end*, yankho ndi *ended*. Pasiti pefekiti imafuna nthawi ina yakale yoti muyezere, kuti muthe kunena kuti ichi chinachitika icho chisanachitike. Popanda nthawi yachiwiriyo, *had* alibe ntchito.

5. Nkhani ikakhala ya m'tsogolo, onani mbali imene mpata uli

*I will call you when I ______ home tomorrow. / get*

Muli *tomorrow*, mulinso *will*, ndipo m'Chichewa tikanati "ndikadzafika", ndi kaphatikizo ka -dza- ka m'tsogolo. Zonse zikukukankhirani ku *will get*, koma yankho ndi *get*. M'Chingerezi, mbali ya chiganizo imene yayamba ndi *when*, *before*, *after*, *until*, *as soon as* kapena *if* wa "ngati zitatero" imatenga mneni wa tsopano ngakhale nkhani ili ya mawa. *Will* amakhala kumbali inayo. Musaiwale *-s* ngati mwininkhani ndi mmodzi ndipo si *I* kapena *you*: *as soon as she arrives*, *until the rain stops*.

Lamuloli lili ndi malire. Pa chiganizo chakuti *I don't know when she will arrive*, *will* ndi wolondola, chifukwa *when* ameneyu sakutchula nthawi yochitira chinthu china, akufunsa funso lakuti "adzafika liti?" Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kumasulira m'mutu. Ngati *when* akumveka ngati "akadzafika", musaike *will*. Ngati akumveka ngati "kuti adzafika liti", *will* akhoza kukhalapo.

6. Mukasankha tensi, yesani mneniyo

Mukhoza kupeza nthawi molondola n'kutayabe malikisi pa zinthu zitatu zing'onozing'ono.

Choyamba, pali aneni amene kawirikawiri satenga *-ing* ngakhale chiganizo chili ndi *now*. Ndi aneni osonyeza mmene zinthu zilili, osati ntchito yochitika, monga *know*, *understand*, *believe*, *want*, *belong*, *own*. Ife timati "ndikudziwa" ndi "ndikufuna" ndi -ku- yemweyo wa "ndikulemba", ndiye *I am knowing* amabwera mosavuta. Cholondola ndi *Now I know the answer*. Ndi *since* kapena *for*, aneniwa amatenga *have known*, osati *have been knowing*. *Have* ndi wachinyengo pang'ono: akamatanthauza kukhala ndi chinthu satenga *-ing*, monga *She has a car*, koma akamatanthauza ntchito amatenga, monga tinaonera pa *was having a bath*.

Chachiwiri, bwererani kwa mwininkhani. *The list of names ______ just arrived* akufuna *has*, chifukwa chimene chafika ndi *list*, chinthu chimodzi, ngakhale mawu oyandikana ndi mpata ndi *names*.

Chachitatu, pambuyo pa *have*, *has* ndi *had* pamabwera maonekedwe achitatu: *has gone*, osati *has went*, *had begun*, osati *had began*. Pambuyo pa *did* ndi *did not* pamabwera maonekedwe oyamba: *did not see*, osati *did not saw*. Pano palibe njira yachidule. Mizere itatu ija iyenera kulowezedwa, ndipo ndi chinthu chokhacho pankhani yonseyi chimene ndimalimbikitsa kuloweza.

7. Tiyese zonsezi pa ndime imodzi

Werengani ndime iyi yonse kaye. Mpata uliwonse uli ndi nambala, ndipo aneni ake ndi awa motsatana: *be, work, write, phone, go, work, teach, end, save*.

*My sister 1.______ a nurse since 2018. Before that, she 2.______ in a laboratory for three years. One evening she 3.______ a report when the hospital 4.______ and left a message. By the time she called back, the manager 5.______ home. She usually 6.______ on the children's ward, but this month she 7.______ new students. When her contract 8.______ next year, she will go back to college. By then she 9.______ enough money for the fees.*

Mukawerenga yonse, muona kuti ndimeyi ikuyenda m'nthawi zinayi: yayamba ndi zimene zikufika mpaka lero, yabwerera kale, yabwera ku masiku ano, kenako yapita m'tsogolo. Kudziwa zimenezi musanayambe kumakutetezani ku chizolowezi choika tensi ya mpata woyamba m'mipata yonse.

Mpata 1 uli ndi *since 2018*, ndipo palibe chosonyeza kuti anasiya unesi. Ziganizo zakutsogolo zikuonetsa kuti akadali pantchito. Mwininkhani ndi mmodzi, choncho *has been*. Amene walemba *is* wagwidwa ndi kamasuliridwe kaja ka "ndi nesi kuyambira 2018".

Mpata 2 ndi msampha wa *for*. Wangolemba kumene *has been*, waonanso *for three years*, ndiye dzanja likufuna *has worked*. Koma *Before that* akunena kuti zaka zitatuzo zinatha chaka cha 2018 chisanafike kapena m'chaka chomwecho. Yankho ndi *worked*. *Had worked* nayenso ndi wolondola pano, popeza pali nthawi ina yakale imene tikuyezera, ndipo ngati funso lili ndi mayankho osankha, mupeza limodzi mwa awiriwa. Chimene sichingatheke ndi *has worked*.

Mipata 3 ndi 4 muiyankhe pamodzi. Kulemba lipoti n'kwakutali, kuimba foni n'kwakufupi, ndiye *was writing* ndi *phoned*. Mpata 4 uli ndi mboni inanso: *and left a message*. Mneni wolumikizidwa ndi *and* kwa *left* ayenera kufanana naye maonekedwe.

Mpata 5 uli ndi *By the time*, ndipo mneni wotsatira ndi *called*, wa kale. Bwanayo anachoka iye asanaimbe, choncho *had gone*. Onetsetsani kuti mwalemba *gone*, osati *went*.

Mipata 6 ndi 7 ili m'chiganizo chimodzi koma ikutsutsana, ndipo *but* ndi amene akukuchenjezani. *Usually* akunena za chizolowezi, zimene m'Chichewa timazinena ndi -ma-, ndiye *works*, ndi *-s* wake. *This month* akunena za ntchito ya kanthawi imene ili mkati, yosiyana ndi chizolowezicho, ndiye *is teaching*. Mwina mufunsa kuti, kodi sitinanene kuti nthawi yosatha ngati *this month* imatenga pulezenti pefekiti? Imatenga pamene tikuwerenga zimene zachitika kufika lero, monga *She has taught four classes this month*. Pano sitikuwerenga kanthu. Tikusiyanitsa zimene amachita masiku onse ndi zimene akuchita pakadali pano, ndipo kuyandikana kwa *usually* ndi *but* ndi kumene kwasankha yankho. *Has been teaching* akhoza kumvekanso, koma *is teaching* ndi amene akuyankhana bwino ndi *usually works*.

Mpata 8 uli ndi *next year*, koma uli mkati mwa mbali yoyamba ndi *When*, ndipo *will* ali kale kumbali inayo. Mukamasulira mupeza "ikadzatha", osati "kuti idzatha liti". Yankho ndi *ends*.

Mpata 9 uli ndi *By then*. Kuti mudziwe nthawi imene *then* akuloza, muyenera kubwerera ku chiganizo cham'mbuyo, kumene mupeza *next year*. Pofika nthawi ya m'tsogoloyo, kusunga ndalama kudzakhala kutachitika, ndiye *will have saved*. *By then* yemweyu akanabwera pambuyo pa chiganizo cha nkhani yakale, yankho likanakhala *had saved*.

Mukamayeserera panokha, musamangochonga mayankho. Pafupi ndi mpata uliwonse lembani mawu enieni a m'chiganizo amene akupangitsani kusankha tensi imeneyo, monga *Before that* pa mpata 2 kapena *called* pa mpata 5. Mpata umene simungathe kuulembera mawu otero ndi umene mwangolota yankho, ngakhale mutakhoza, ndipo chiganizo chimenecho muchiwerengenso mpaka muwapeze.